Nambala ya CRF: kuchepetsa vidiyo popanda kuwononga chithunzi

Wojambula maukwati akamaliza kulumikiza vidiyo pa kompyuta, ntchito imakhala isanathe. Kamera yojambula mamegabiti 50 pa sekondi imadzaza magigabayiti 22.5 pa ola limodzi lokha. Fayilo yotere singatumizike pa foni, ndipo akwati sangagule bandulo yoikwanira. Ikuyenera kuchepetsedwa. Koma akaichepetsa mopitirira, maluwa a pa chitenje amafufutika, nkhope za ovina zimasanduka timabokosi, ndipo eniake amadandaula kuti analipira ndalama zambiri pa ntchito yosaoneka bwino. Mu pulogalamu yotchuka yopanikizira mavidiyo ya x264, mkangano wonsewu umathera pa nambala imodzi yotchedwa CRF. Ambiri amangokopera nambala imene anamva kwa mnzawo, osadziwa kuti nambalayo imalonjeza chiyani ndiponso kuti pali zimene siilonjeza.

Mfundo yaikulu ndi iyi: CRF imalonjeza maonekedwe, siilonjeza kukula kwa fayilo. Nambala yabwino ndi yaikulu kwambiri imene diso lanu silikuonabe cholakwika, pa sikirini imene anthu adzaonerepo, pa chigawo chovutitsitsa cha vidiyo yanuyo. Nambala imeneyi munthu amaipeza poyesa, ndipo kuyesako sikutenga nthawi yaitali.

Kumene nambalayi imapezeka

Mavidiyo ochuluka amene timaonera pa foni ndi pa TV amasungidwa m'njira yotchedwa H.264, imene inakhazikitsidwa mu 2003. Pulogalamu ya x264 ndi yaulere, imasamalidwa pansi pa bungwe la VideoLAN, lomwenso limapanga VLC, ndipo ntchito yake ndi kusandutsa vidiyo iliyonse kukhala ya H.264. Anaiyambitsa ndi Laurent Aimar, kenako Loren Merritt anaipitiriza kwa zaka zambiri. Anthu ochepa okha ndi amene amaigwiritsa ntchito payokha. Ambiri amaipeza m'kati mwa FFmpeg, imene Fabrice Bellard anayambitsa mu 2000 ndipo imalamulidwa polemba mawu, kapena m'kati mwa HandBrake, yomwe ili ndi mabatani odina. Mu FFmpeg nambalayi imalembedwa kutsogolo kwa `-crf`. Mu HandBrake ili pa kachingwe kosuntha pansi pa mawu akuti Constant Quality, ndipo amailemba kuti RF. Ndi nambala imodzi yomweyo.

Pa mavidiyo wamba, muyeso wake umayambira pa 0 kukafika pa 51, ndipo umayenda chobwerera. Nambala yaing'ono imapereka chithunzi chabwino ndi fayilo yaikulu, pamene nambala yaikulu imapereka fayilo yaing'ono ndi chithunzi chowonongeka. Mukapanda kutchula nambala, x264 imadzisankhira 23. Malangizo a FFmpeg amati malo oyenera kugwiramo ntchito ndi pakati pa 17 ndi 28, ndipo pa 17 kapena 18 diso silimatha kwenikweni kusiyanitsa vidiyo yatsopano ndi yoyambirira. Pa 0 palibe chotayika ngakhale pang'ono, koma fayilo imakula koopsa, nthawi zambiri kuposa ya mu kamera, ndipo ma TV ndi mafoni ambiri amakana kuitsegula.

Zimene zimachitika m'kati

Kuti nambalayi imveke, tiyenera kudziwa chimene pulogalamu imataya. Vidiyo ndi zithunzi zotsatana, kawirikawiri 25 kapena 30 pa sekondi. Pulogalamu imagawa chithunzi chilichonse m'timagawo ta mapikiseli 16 m'litali ndi 16 m'lifupi. Pa kagawo kalikonse imayang'ana ngati chofanana nacho chilipo kale pa chithunzi cham'mbuyo kapena cham'tsogolo. Ikachipeza, imangosunga kusiyana kwake. Mbusa akamalalikira ataima malo amodzi, khoma la kumbuyo kwake silisintha, choncho palibe chifukwa cholisungira maulendo 25 pa sekondi.

Kusiyana kotsalako nakonso sikusungidwa konse. Kumadutsa pa muyeso umene umataya tinthu ting'onoting'ono. Zili ngati ukonde wa msodzi: wa maso aang'ono umakola ndi usipa womwe ndipo umalemera, pamene wa maso aakulu umangogwira chambo, usipa n'kupulumuka. Nambala ikakwera, maso a ukonde amakula. Zinthu zazikulu monga mutu wa munthu ndi chitseko zimatsala, koma ulusi wa nsalu, tsitsi ndi masamba a mtengo zimapulumuka. Mu H.264 muyeso umenewu umawirikiza kawiri pa masitepe 6 aliwonse, ndipo n'chifukwa chake pali lamulo losavuta kukumbukira: mukawonjezera 6 pa CRF, fayilo imatsika kufika pafupifupi theka, mukachotsa 6, imakula pafupifupi kawiri. Sitepe imodzi imasintha kukula ndi gawo limodzi mwa magawo 8 kapena 9. Lamuloli ndi longoyerekeza, koma limathandiza kwambiri powerengera.

Luso la CRF lili pa mfundo yakuti muyesowo sukhala umodzimodzi pa vidiyo yonse. Pulogalamu imausintha potengera mmene diso la munthu limaonera. Pamene zinthu zikuyenda mofulumira, diso silikhala ndi nthawi yoona tinthu tating'ono, choncho imataya zambiri. Pamene chithunzi chili bata, munthu amayang'anitsitsa, choncho imasunga zambiri. Imaonanso zigawo zimene zikhala pa sikirini kwa nthawi yaitali n'kuzipatsa malo ochuluka, popeza zithunzi zonse zotsatira zidzatengera pa izo.

Ngakhale zili choncho, gule amadyabe malo ambiri kuposa ulaliki, chifukwa pa gule chilichonse chikusintha. Mavidiyo awiri a ola limodzi, onse pa CRF 23, atha kusiyana kukula katatu kapena kanayi, ndipo palibe chimene chalakwika. Munapempha maonekedwe ofanana, ndipo pulogalamu inatenga malo amene maonekedwewo anafuna. Munthu amene amati nambala yakutiyakuti imapereka gigabayiti imodzi pa ola akunena za vidiyo yake, osati yanu.

Chitsanzo: ukwati wa ola limodzi

Tiyerekeze kuti tili ndi vidiyo ya ukwati yolumikizidwa kale, ya ola limodzi, ya mapikiseli 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi. Mphindi 30 ndi za m'tchalitchi, kamera ili pa miyendo yake. Mphindi 20 ndi za perekaniperekani muholo, kamera ili pamanja, anthu akuvina ndipo ndalama zikuuluka. Mphindi 10 zomaliza ndi za madzulo, kuwala kutachepa. Akwati akufuna vidiyo ya pa fulashi yoonera pa TV, komanso ina yotumizira abale akutali pa foni.

Musayambe ndi kupanikiza ola lonse. Dulani mphindi imodzi pa chigawo chilichonse mwa zitatuzo. Lamulo ili likutenga masekondi 60 kuyambira pa mphindi 42, pamene gule wafika pachimake:

```
ffmpeg -ss 00:42:00 -i ukwati.mp4 -t 60 -c:v libx264 -preset slow -crf 23 -an gule23.mp4
```

Mawu akuti `-ss` akunena poyambira, `-t` akunena utali wa chidutswa, ndipo `-an` akuchotsa mawu kuti tiyeze chithunzi chokha. Chitani chimodzimodzi pa chidutswa cha m'tchalitchi ndi cha madzulo. Tinene kuti cha m'tchalitchi chatuluka mamegabayiti 20, cha gule 60, cha madzulo 70. Manambala anu adzakhala ena, koma kawerengedwe n'komweko. Mphindi 30 za m'tchalitchi zitenga mamegabayiti 600, mphindi 20 za gule zitenga 1,200, ndipo mphindi 10 za madzulo zitenga 700. Zonse pamodzi ndi 2,500. Mawu amasungidwa padera ndipo CRF siwakhudza. Pa makilobiti 128 pa sekondi amawonjezera mamegabayiti pafupifupi 58 pa ola.

Tsopano lamulo la masitepe 6 lija litithandize. Ngati 23 ikupereka 2,500, ndiye kuti 29 ipereka pafupifupi 1,250 ndipo 17 ipereka pafupifupi 5,000. Masitepe atatu amasintha kukula ndi 1.4, choncho 20 ipereka pafupifupi 3,500 ndipo 26 ipereka pafupifupi 1,800. Pa 18 tifika pafupifupi 4,450, ndipo apa pali msampha. Mafulashi ambiri amabwera atakonzedwa m'njira ya FAT32, yomwenso ma TV ambiri amawerenga mosavuta, koma FAT32 siilola fayilo imodzi kufika magigabayiti 4. Ngakhale fulashi itakhala ya magigabayiti 32, fayilo ya CRF 18 ija ikana kukopedwa. Kuwerengera kwa mphindi zochepa kwatisonyeza kale kuti pa fulashi yotere tiyenera kusankha pakati pa 20 ndi 23, tisanataye usiku wonse tikudikira kompyuta.

Masamu amathera pamenepo, ndipo chotsala ndi ntchito ya maso. Pangani zidutswa zomwezo pa 20 ndi pa 26, muziike pa fulashi pamodzi ndi za 23, ndipo mukazionere pa TV, mutakhala pamene munthu amakhala poonera. Musaziyeze pa kasikirini ka laputopu pamene akwati adzaonera pa TV yaikulu. Musaimitsenso vidiyo n'kumakulitsa chithunzi chimodzi, chifukwa CRF imataya dala zinthu pa zithunzi zothamanga, ndipo chithunzi choimitsidwa pakati pa gule chidzaoneka choipa kuposa mmene munthu angachionere chikuyenda.

Zizindikiro zoti nambala yakwera kwambiri

Kuwonongeka kuli ndi malo ake kumene kumayambira. Malo oyamba ndi zinthu za tinthu tambiri tating'ono: maluwa a chitenje, nsalu ya maukonde ya pa diresi la mkwatibwi, udzu, tsitsi lolukidwa. Munthu akaima, zonse zimaoneka bwino. Akangosuntha, maluwa aja amasakanikirana n'kukhala mtundu umodzi, kenako amabwereranso akaima. Mukaona nsalu ikufufutika n'kumabwerera chonchi, tsitsani nambala ndi sitepe imodzi kapena ziwiri.

Malo achiwiri ndi pamene mtundu ukusintha pang'onopang'ono, monga thambo la madzulo kapena khoma lopentedwa limene kuwala kukulimenya mbali imodzi. M'malo mosintha mosalala, mtundu umagawika m'mizere yooneka malire ake. Malo achitatu ndi mumdima. Suti yakuda, ngodya za holo ndi nkhope za anthu amene ali kutali ndi nyali zimayamba kuonetsa timabokosi togwedera. Pa foni izi sizioneka kwenikweni, koma pa TV yowala kwambiri m'chipinda chamdima zimaonekeratu. Ngati vuto lili mumdima mokha, simukuyenera kutsitsa nambala ya vidiyo yonse. Kuwonjezera `-aq-mode 3` kumauza x264 kuti ipereke malo ochulukirapo ku zigawo zamdima.

Pa chitsanzo chathu, tinene kuti 26 ikufufuta chitenje pa gule, 23 ili bwino paliponse kupatula timabokosi tochepa madzulo, ndipo 20 ilibe cholakwika. Ndiye kuti yankho lili pakati pa 20 ndi 23. Yesani 21 ndi 22 pa chidutswa cha madzulo chokha. Ngati 21 yachotsa timabokosi, imani pomwepo. Kutsika kufika 18 kungawonjezere magigabayiti oposa imodzi pa chinthu chimene wina aliyense sadzachiona. Lamulo lomaliza likhala ili:

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -c:v libx264 -preset slow -crf 21 -pix_fmt yuv420p -c:a aac -b:a 128k wapafulashi.mp4
```

Mawu akuti `-pix_fmt yuv420p` musawaiwale. Makamera ndi mapulogalamu ena olumikizira mavidiyo amasunga mitundu m'njira imene ma TV ndi mafoni ambiri satha kuwerenga, ndipo popanda mawuwa vidiyo itha kuoneka bwino pa kompyuta yanu koma n'kukana kwa akwati.

Chifukwa chake mdima umadya malo

Mwina mwadabwa kuti chidutswa cha madzulo chinali chachikulu kuposa cha gule, pamene anthu ankangotsanzikana. Kuwala kukachepa, kamera imadzikakamiza kuona, ndipo chithunzi chimadzaza ndi timadontho tothwanima tosakhazikika. Timadontho timeneti timasintha pa chithunzi chilichonse popanda dongosolo, choncho pulogalamu singatitengere pa chithunzi cham'mbuyo. Imatiwerengera ngati zinthu zenizeni zofunika kusunga. Pa nambala yaing'ono, gawo lalikulu la fayilo limathera pa kusunga phokoso la kamerali.

Kukweza CRF kumachepetsa fayilo, koma kumawononganso nkhope. Njira yabwino ndi kusefa timadonthoto pang'ono vidiyo isanapanikizidwe. Mu FFmpeg muli sefa yotchedwa `hqdn3d`, imene imalembedwa kuti `-vf hqdn3d`, ndipo HandBrake ili ndi zosefera zake pansi pa Filters. Sefa ikagwira bwino, fayilo imatsika pa nambala yomweyo. Koma yesani kaye pa chidutswa, chifukwa kusefa kwambiri kumasalaza khungu mpaka munthu kuoneka wosakhala wachilengedwe.

Vidiyo ya pa foni

Abale akutali sangalandire magigabayiti atatu. Cholakwika chofala apa ndi kusiya vidiyo pa 1080 n'kukankhira CRF pa 32 kapena 35. Zotsatira zake ndi chithunzi chachikulu chodzaza timabokosi. N'kwabwino kuchepetsa kukula kwa chithunzi chenichenicho n'kusiya nambala pamalo abwino. Chithunzi cha 1080 chili ndi mapikiseli 2,073,600, pamene cha 720 chili ndi 921,600, osafika ndi theka lomwe, ndipo pa sikirini ya foni kusiyana kwake n'kochepa.

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -vf scale=-2:720 -c:v libx264 -preset slow -crf 24 -pix_fmt yuv420p -c:a aac -b:a 96k wapafoni.mp4
```

Dziwani kuti nambala imodzi siioneka chimodzimodzi pa kukula kulikonse. Chithunzi cha mapikiseli ochepa chikaonetsedwa pa sikirini yaikulu, cholakwika chilichonse chimakulitsidwa nacho. N'chifukwa chake malangizo a HandBrake amapereka RF 18 mpaka 22 pa mavidiyo a 480 ndi 576, 19 mpaka 23 pa 720, 20 mpaka 24 pa 1080, ndi 22 mpaka 28 pa 2160. Kupitirira pang'ono malirewa kumatheka pamene mukudziwa kuti vidiyo idzaoneredwa pa foni pokha. Yesaninso zidutswa zija pa 720, muziike pa foni wamba, ndipo muone kuti nambala ingakwere mpaka pati chitenje chisanayambe kufufutika.

Kumbukiraninso kuti WhatsApp imapanikizanso vidiyo imene yatumizidwa ngati vidiyo, koma siikhudza imene yatumizidwa ngati dokyumenti. YouTube ndi Facebook zimapanikizanso chilichonse chimene zalandira. Vidiyo yopita kumeneko ipatseni nambala yaing'ono monga 18 kapena 20 ngati bandulo ikulola, chifukwa zolakwika za kupanikiza koyamba zimakula pa kupanikiza kwachiwiri. Pa chifukwa chomwechi, vidiyo ya pa foni ipangidwe kuchokera ku fayilo yoyambirira, osati ku ya pa fulashi ija. Chimene chatayika sichibwereranso. Mukatenga vidiyo yowonongeka kale n'kuipanikiza pa 17, mupeza fayilo yaikulu yosunga mosamala timabokosi tomwe tija.

Liwiro ndi malire a njirayi

Mawu a `-preset` amanena nthawi imene pulogalamu ingathe pofufuza njira yabwino yosungira kagawo kalikonse. Amayambira pa `ultrafast`, kudutsa `medium` amene amagwira ntchito mukapanda kusankha, mpaka `veryslow` ndi `placebo`. Pang'onopang'ono pamapereka chithunzi chabwinopo pa malo omwewo, koma phindu limachepa mukamayandikira kumapeto, ndipo `placebo` imadya nthawi yochuluka pa phindu losaoneka. Sankhani liwiro limene kompyuta yanu ndi magetsi anu angapirire, ndipo lisasinthe pakati pa kuyesa ndi ntchito yeniyeni. Mukayesa ndi `slow` n'kumaliza ndi `veryfast`, kukula ndi maonekedwe zidzasiyana ndi zimene munaona.

Nambala ya x264 musainyamule kupita nayo ku pulogalamu ina. Mu x265, imene imapanga mavidiyo a H.265, nambala yoyambira ndi 28, ndipo imeneyo ndiyo imayandikira 23 ya x264. Fayilo yake imakhala yocheperapo, koma kupanikiza kumatenga nthawi yaitali ndipo ma TV ndi mafoni akale ambiri saitsegula.

Pomaliza, pali nthawi imene CRF si chida choyenera. Ngati mwauzidwa kuti fayilo isapitirire mamegabayiti 500, simukufunsanso za maonekedwe koma za kukula, ndipo muyenera kuwerengera liwiro la deta. Mamegabayiti 500 kuchulukitsa ndi 8 ndi mamegabiti 4,000. Kugawa ndi masekondi 3,600 a mu ola kumapereka pafupifupi makilobiti 1,110 pa sekondi. Mukachotsa 96 za mawu, chithunzi chitsala ndi pafupifupi 1,000. Nambala imeneyi imalembedwa kuti `-b:v 1000k` m'malo mwa `-crf`, ndipo pulogalamu imadutsa vidiyo kawiri, ndi `-pass 1` kenako `-pass 2`, ulendo woyamba kuti iphunzire kumene kuli kovuta, wachiwiri kuti igawe malo moyenera. Kukula kudzakhala kumene mwapempha, koma maonekedwe adzakhala amene malowo angakwanitse. Ngati zotsatira sizikukondweretsa pa 720, tsitsani chithunzi kufika pa 480, kapena kambiranani ndi eniake kuti vidiyo ya pa foni ifupikitsidwe kukhala ya mphindi 20 za zigawo zofunika kwambiri. Mphindi 20 pa mamegabayiti 500 zimalandira malo owirikiza katatu pa sekondi iliyonse, ndipo kusintha kumeneku kumaposa kutsitsa CRF ndi masitepe 9.